Lipoti lodziunika la seminale: kosi imodzi imene inaulula kusagwirizana kwa mitu itatu

Seminale ikafuna kuti maphunziro ake avomerezedwe ndi bungwe loona za ubwino wa sukulu za zaubusa, monga ACTEA ya mu Afirika kapena ATS ya ku Amereka ndi Kanada, imayamba yalemba lipoti lodziunika yokha. Lipotilo limatumizidwa ku bungwe, bungwe limasankha gulu la oyendera, ndipo oyenderawo amabwera kudzakhala pa sukulu masiku angapo kuti aone ngati zolembedwazo zikufanana ndi zimene zili pamalopo. Iwowo sapereka chivomerezo. Amalemba zimene apeza, ndipo chigamulo chimachokera ku komiti ya bungwe. Bungwe lililonse lili ndi buku lake la miyezo, ndipo manambala ofunika amasiyana, choncho bukulo liyenera kukhala pa tebulo kuyambira tsiku loyamba.

Nkhani ili m'munsimu ndi ya seminale yachitsanzo, ndipo manambala ake aikidwa kuti masamu aoneke bwino. Ili ndi ophunzira 96, makalasi anayi a anthu 24, ndipo imapereka digiri yoyamba ya zaumulungu ya zaka zinayi. Komiti yolemba lipoti inagawana ntchito monga zimachitikira nthawi zambiri: woyang'anira laibulale analemba mutu wa laibulale, mkulu wa seminale analemba wa aphunzitsi, mkulu wa zamaphunziro analemba wa ndondomeko ya maphunziro. Aliyense anachita mbali yake mokhulupirika. Lipoti loyamba linanena kuti sukulu ili ndi mabuku 18,400, aphunzitsi 15, ndi makosi 40 a makirediti atatu iliyonse, onse pamodzi makirediti 120. Palibe nambala imene inali yabodza, koma palibenso imene ikanaima pamaso pa woyendera wodziwa ntchito yake.

Mmene woyendera amawerengera

Woyendera wozolowera sawerenga mitu itatuyi payokhapayokha. Amasankha kosi imodzi, kapena ziwiri, n'kuitsata kulikonse kumene ikupita. Amatsegula silabasi yake, amaona dzina la mphunzitsi, amapempha fayilo ya mphunzitsiyo, kenako amanyamula silabasi ija n'kupita nayo ku mashelefu kukafufuza mabuku amene alembedwamo. Akabwerako amapempha kaundula wa kalasi, mapepala a mayeso ndi mayankho a ophunzira atatu kapena anayi. Zonsezi zimatha masana amodzi.

Komiti ya seminaleyi inalangizidwa kuchita zomwezo lipoti lisanatumizidwe. Inasankha kosi ya chaka chachiwiri, Mbiri ya Mpingo 2, yoyambira nthawi ya kukonzanso mpingo m'zaka za m'ma 1500 kufika masiku ano. Silabasi inali ndi mabuku 12. Mu laibulale munapezeka asanu. Buku lalikulu limene wophunzira aliyense amayenera kuwerenga linali ndi makope awiri. Mphunzitsi anali m'busa wobwera kuchokera kunja, amene digiri yake yachiwiri inali ya uphungu, osati ya mbiri. Ndipo chifukwa chotanganidwa ndi mpingo wake, kosiyo sinaphunzitsidwe semesita yonse. Inapanikizidwa mu sabata imodzi, maola sikisi pa tsiku kwa masiku asanu.

Kosi imodzi inakhudza mitu yonse itatu. Ntchito yolembanso lipoti inayambira pamenepa.

Laibulale: nambala ya mu kaundula si nambala ya pa shelefu

Nambala ya 18,400 inachokera mu kaundula wa mabuku olandiridwa. Buku lililonse likafika limapatsidwa nambala yotsatira, ndipo nambala yomaliza inali 18,400. Kaundula wotere amangokwera. Sachotsera buku lotayika, lodyedwa ndi chiswe, kapena limene wophunzira anapita nalo atamaliza maphunziro zaka khumi zapitazo.

Njira yachangu yodziwira kukula kwa vuto ndi kuyesa mbali ziwiri. Choyamba amasankha mabuku 200 mu katalogi mosayang'ana, mwachitsanzo buku la nambala 90 lililonse, n'kupita kukawafuna pa shelefu kapena mu kaundula wa obwereka. Apa anapezeka 172, kutanthauza 86 peresenti, ndipo izi zinalosera kuti mabuku enieni ali pafupi ndi 15,800. Chachiwiri amachita mobwerera: amatola mabuku 200 pa shelefu n'kuwafufuza mu katalogi. Kuyesa kwachiwiriku kumaulula mabuku amene alipo koma wophunzira sangawapeze chifukwa sanalembedwe, ndipo kawirikawiri amakhala a mphatso amene anangoikidwa pa shelefu atachotsedwa m'makatoni. Kusiyana kukakula chotere, palibe kuchitira mwina koma kuwerenga buku limodzilimodzi pa nthawi ya tchuthi. Atatero anapeza 15,900.

Nambalayi inayenera kusefedwanso kawiri. Poyamba panali makope obwereza. Makope 40 a buku limodzi la nyimbo ndi mabuku 40 kwa wonyamula, koma kwa wofufuza ndi buku limodzi. Atawerenga maina a mabuku m'malo mwa makope anatsala ndi 11,200. Kenako anapatula amene sakukhudza maphunziro a seminale: nthano, mabuku a sekondale, mabuku akale a zamakompyuta. Mu gawo la zachipembedzo munatsala maina 8,700. Lipoti labwino limalemba manambala onse atatu, makope, maina, ndi maina okhudza maphunziro, n'kunena tsiku limene anawerengedwa. Woyendera akaona nambala imodzi yokha yaikulu amadziwa kale kuti yachokera mu kaundula.

Chimene chimanena zambiri kuposa chiwerengero chonse ndi kagawidwe kake. Laibulaleyi imagwiritsa ntchito manambala a Dewey posanja mabuku, mmene zachipembedzo zili pa 200 mpaka 299. Za Baibulo, pa 220, zinali ndi maina 3,100. Ziphunzitso za Chikhristu, pa 230, zinali ndi 1,500. Pa 240, pamene pamakhala za makhalidwe ndi mabuku olimbikitsa moyo wauzimu, panali 1,900. Za ubusa ndi ulaliki pa 250 zinali 900, za mpingo ndi utumwi pa 260 zinali 700, za mipingo yosiyanasiyana pa 280 zinali 200. Mbiri ya mpingo, pa 270, inali ndi maina 310 okha, ndipo zipembedzo zina, pa 290, zinali ndi 90.

Tebulo limeneli likaikidwa pambali pa ndondomeko ya maphunziro limayankhula lokha. Seminale imaphunzitsa makosi atatu a mbiri ya mpingo ndi awiri a zipembedzo zina, makosi asanu mwa 40, koma magawo awiriwa pamodzi ali ndi maina 400 mwa 8,700, osakwana 5 peresenti. Pomwe gawo la 240, limene makosi ochepa amalidalira, lili ndi oposa limodzi mwa magawo asanu. Umu ndi mmene laibulale yokula ndi mphatso imaonekera. Anthu amapereka zimene ali nazo pa nyumba, ndipo zimene ali nazo ndi mabuku a mapemphero a m'mawa, osati mabuku ofufuza mbiri. Ndi bwino kuonjezera mzere wa zaka: pa gawo lililonse, ndi maina angati amene anasindikizidwa m'zaka 15 zapitazi. Buku lakale si loipa, makamaka pa zolemba za makolo a mpingo kapena za okonzanso mpingo, koma gawo la ndemanga za Baibulo limene lilibe chilichonse chatsopano limasonyeza kuti kugula kunaima kalekale.

Za makope awiri aja, lipoti lingathe kuonetsa vuto ndi masamu osavuta. Silabasi imafuna masamba pafupifupi 30 pa sabata, amene wophunzira amawerenga m'maola atatu ngati akulemba manotsi. Ophunzira 24 akufuna maola 72 pa sabata. Laibulale imatsegulidwa maola 45 pa sabata, koma m'mawa monse ophunzira amakhala m'kalasi kapena m'chapelo, ndipo nthawi imene angathe kukhalamo ndi maola anayi pa tsiku, 20 pa sabata. Makope awiri akupereka maola 40. Choncho pafupifupi theka la kalasi silingawerenge ngakhale litafuna. Pakufunika makope anayi, osungidwa pa shelefu ya mabuku osatuluka, kapena laibulale izitsegulidwanso madzulo. Masamu amenewa amasintha mmene aphunzitsi amanenera za ulesi wa ophunzira.

Zina zimene mutuwu uyenera kukhala nazo n'zachidule: maphunziro a woyang'anira laibulale, mipando ilipo (pano 22 ya ophunzira 96), gawo la bajeti limene linagwiritsidwadi ntchito kugula mabuku m'zaka zitatu zapitazi, osati limene linangolonjezedwa, ndi chiwerengero cha mabuku obwerekedwa. Ngati sukulu ikugwiritsa ntchito pulogalamu ya laibulale monga Koha, manambala obwereka amatuluka mosavuta. Pa magazini a zamaphunziro a pa intaneti, monga opezeka mu ATLA kapena JSTOR, kulemba kuti sukulu inalembetsa sikukwanira. Woyendera amakhala pa kompyuta ndi wophunzira wa chaka chomaliza n'kumupempha kuti apeze nkhani imodzi. Wophunzira akayamba kufunsa anzake mawu achinsinsi olowera, yankho lapezeka.

Aphunzitsi: maina 15, ntchito ya anthu asanu

Lipoti loyamba linagawa ophunzira 96 ndi aphunzitsi 15 n'kunena kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ophunzira osakwana asanu ndi awiri. Mwa maina 15 aja, awiri anali kunja kukachita digiri ya udokotala ndipo sanaphunzitse kalasi iliyonse kwa zaka ziwiri. Asanu ndi anayi anali obwera, aliyense ndi kosi imodzi pa semesita. Okhazikika anali anayi, koma mwa iwo mkulu wa seminale amaphunzitsa kosi imodzi yokha ndipo mkulu wa zamaphunziro amaphunzitsa ziwiri. Amene ntchito yawo yonse ndi kuphunzitsa anali awiri.

Mabungwe ambiri amafuna kuti aphunzitsi awerengedwe molingana ndi kuchuluka kwa ntchito, osati mitu ya anthu. Sukulu imayamba yanena kuti ntchito yokwanira ya mphunzitsi mmodzi ndi yotani. Pano ndi makosi anayi pa semesita. Aphunzitsi awiri aja akuwerengedwa 2. Mkulu wa seminale ndi 0.25, mkulu wa zamaphunziro ndi 0.5, ndipo obwera asanu ndi anayi pamodzi ndi 2.25. Onse akukwana 5. Nambalayi ingatsimikizidwe kuchokera mbali ina: makalasi anayi, makosi asanu kalasi iliyonse, ndi makosi 20 pa semesita, ndipo 20 kugawa ndi 4 ndi 5. Manambala awiriwa akapanda kufanana ndiye kuti pali kosi imene ilibe mphunzitsi kapena mphunzitsi amene wawerengedwa kawiri. Chiwerengero choona chinakhala ophunzira 19 pa mphunzitsi mmodzi.

Nambala ya 19 payokha si yochititsa manyazi. Imene inafunika kufotokozedwa ndi ina: makosi 9 mwa 20, kutanthauza 45 peresenti, akuphunzitsidwa ndi anthu amene sakhala pa sukulu. Aphunzitsi obwera amabweretsa zimene okhazikika alibe, makamaka pa makosi a ubusa, chifukwa akuchokera m'mipingo imene ikukumana ndi mavuto lero. Koma sapezeka pa misonkhano ya aphunzitsi, salangiza ophunzira polemba kafukufuku womaliza, ndipo magiredi awo nthawi zambiri amafika mochedwa. Zotsatira zake n'zakuti ntchito yonse ya kunja kwa kalasi imagwera anthu anayi. Pamene komiti inawerenga, inapeza kuti ophunzira 24 a chaka chomaliza akugawidwa kwa aphunzitsi atatu, aliyense mapepala asanu ndi atatu a kafukufuku, pamwamba pa makosi, chapelo ndi kuyendera ophunzira ku mipingo imene akuyesererako ubusa. Lipoti likabisa izi, aphunzitsi okha adzaziulula pamene oyendera adzakumana nawo mkulu wa sukulu palibe, monga mwambo wa ulendo wotere ulili.

Tebulo la aphunzitsi lisathere pa dzina ndi digiri. Mzere uliwonse ukhale ndi digiri yapamwamba, phunziro limene digiriyo inakhazikikapo, sukulu imene inapereka, chaka, ndi makosi amene munthuyo waphunzitsa m'masemesita anayi apitawa. Mfundo yodziwika ndi yakuti mphunzitsi akhale ndi digiri yoposa imene akuphunzitsa, ndipo ikhale ya phunziro lomwelo kapena loyandikana nalo. Mbali yachiwiriyi ndi imene imaiwalika. M'busa wa Mbiri ya Mpingo 2 anakwanitsa mbali yoyamba, yachiwiri ayi. Atayang'ana makosi onse 40, anapeza asanu ndi limodzi otere, ndipo Chihebri chinali m'gulu lomwelo: amene amaphunzitsa anachiphunzira masemesita awiri okha.

Pali misampha iwiri imene imagwira sukulu zambiri pa tebulo limeneli. Woyamba ndi digiri yaulemu. Munthu amene anapatsidwa udokotala waulemu angatchedwe dokotala pa mwambo, koma mu tebulo la maphunziro digiriyo ilembedwe kuti ndi yaulemu ndipo isawerengedwe. Wachiwiri ndi digiri yochokera ku sukulu imene payokha siinavomerezedwe ndi bungwe lililonse lodziwika. Oyendera amayang'ana maina a sukulu, ndipo amazidziwa zimene zimapereka udokotala m'miyezi yochepa. N'kwabwino kuti sukulu iyambe yokha kunena, n'kufotokoza chimene ikuchitapo. Fayilo ya mphunzitsi aliyense ikhale ndi kope la satifiketi, chikalata cha magiredi, kalata ya ntchito yosainidwa ndi zotsatira za kuunika kaphunzitsidwe kake. Pa seminaleyi mafayilo a okhazikika anali okwanira, koma mwa obwera asanu ndi anayi, asanu anali ndi mbiri ya ntchito yolemba okha basi. Kusonkhanitsa masatifiketi awo kunatenga miyezi itatu, ndipo ichi ndi chifukwa chokwanira choyambira ntchitoyi kukali chaka chathunthu.

Aphunzitsi awiri amene ali kusukulu aja sanachotsedwe mu lipoti. Anasamutsidwira ku ndime ya kukonzekera tsogolo, pamodzi ndi phunziro limene akuchita, chaka chimene akuyembekezeka kubwerera ndi pangano limene anasaina. Mmodzi akuchita mbiri ya mpingo, ndipo pamenepo dzina lake likuthandiza sukulu kuposa mmene linkathandizira potupitsa chiwerengero.

Ndondomeko ya maphunziro: kirediti ili ndi maola ake

Mu lipoti loyamba, mutu wa maphunziro unali mndandanda wa makosi wokopera mu buku lodziwitsa anthu za sukulu: makosi 14 a Baibulo ndi zilankhulo zake, 10 a ziphunzitso ndi mbiri, 11 a ubusa ndi utumwi, asanu a maphunziro ena monga kalembedwe ndi kafukufuku. Kagawidweka kanalibe vuto. Funso limene mndandanda sungayankhe ndi lakuti kodi makosiwo anaphunzitsidwadi monga alembedwera.

Sukuluyi inalemba yokha kuti kirediti imodzi ndi ola limodzi m'kalasi ndi maola awiri owerenga pa sabata, kwa masabata 15. Ndi tanthauzo lofala m'sukulu zotsata kawerengedwe ka ku Amereka. Sukulu zotsata ka ku Ulaya zimawerenga maola onse a ntchito ya wophunzira, 25 mpaka 30 pa kirediti, koma funso limakhala lomwelo. Potsata tanthauzo lake lomwe, kosi ya makirediti atatu iyenera kukhala ndi maola 45 m'kalasi ndi 90 owerenga ndi kulemba. Mbiri ya Mpingo 2 inali ndi maola 30 m'kalasi. Ndipo pa sabata imene munthu akukhala m'kalasi maola sikisi pa tsiku, nthawi yowerenga palibe, moti ophunzira ankangolemba zimene mphunzitsi akunena n'kuzibweza pa mayeso Lachisanu masana.

Kuphunzitsa kosi mu sabata imodzi kapena ziwiri sikoletsedwa, ndipo nthawi zina ndi njira yokhayo yopezera katswiri. Koma maola osowa ayenera kuoneka penapake: kuwerenga kwa masabata angapo mphunzitsi asanafike, ndi kayeso kakang'ono tsiku loyamba kotsimikizira kuti anthu awerengadi, kenako pepala lolemba m'masabata otsatira. Silabasi inene masamba angati, maola angati, ndi amene adzachonge.

Chimene chinadabwitsa komiti n'chakuti ngakhale makosi a semesita yonse sanali kukwana. Kalendala inali ndi masabata 15, koma yoyamba inkatha ndi kulembetsa ndi kudikira ochedwa, ina inali ya misonkhano ya chitsitsimutso, ndipo yomaliza inali ya mayeso. Masabata ophunzira anali 12, maola 36 m'malo mwa 45. Pa makosi 40, maola asanu ndi anayi osowa pa kosi iliyonse akukwana 360, ofanana ndi makosi asanu ndi atatu athunthu. Umboni wake sunafunike kufufuzidwa patali. Unali mu kaundula wa kalasi, mmene mphunzitsi amasaina tsiku lililonse limene waphunzitsa, ndipo kaundula ameneyu ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene oyendera amapempha.

Mbali ina ya mutuwu ndi kuonetsa kuti makosi akutsogolera ku zimene sukulu inalonjeza. Seminaleyi inali ndi zolinga zisanu ndi ziwiri za womaliza maphunziro. Komiti inajambula tebulo, zolinga pamwamba, makosi m'mbali, n'kupempha aphunzitsi kuti achonge pamene kosi yawo ikukhudza cholinga. Aphunzitsi anachonga pafupifupi paliponse, monga amachitira nthawi zonse, ndipo tebulo linakhala lopanda ntchito. Analikonza ndi lamulo limodzi: uchonge pokhapokha ngati pali ntchito kapena funso la mayeso limene limayesa cholingacho, ndipo ulembe dzina la ntchitoyo m'bokosimo. Mabokosi ambiri anafufutika. Cholinga chakuti womaliza athe kufotokoza chikhulupiriro chake mwaulemu kwa anthu a zipembedzo zina chinatsala ndi mabokosi awiri, makosi omwe aja amene shelefu yawo ili ndi maina 90. Cholinga cha kasamalidwe ka chuma cha mpingo sichinatsale ndi bokosi lililonse.

Pomaliza panali kufananitsa zikalata zitatu za wophunzira mmodzi amene anamaliza chaka chatha: buku lodziwitsa za sukulu la chaka chimene analowa, ndandanda za nthawi za masemesita asanu ndi atatu, ndi chikalata chake cha magiredi. Kosi ya Chigiriki 3 inali m'buku koma siinaphunzitsidwe kwa zaka zitatu. M'malo mwake ophunzira ankapatsidwa kosi ya nyimbo ndi chipembedzo, popanda chikalata chilichonse chosonyeza kuti komiti ya zamaphunziro inavomereza kusinthako. Kusintha kokha sikunali kolakwika. Kulakwa kunali kusowa kwa maminitsi.

Kulembanso

Komiti inakangana pa funso limene limabuka paliponse: kodi kulemba zofooka zonsezi si kudzitchera msampha? Yankho lili m'mene ntchitoyi inakonzedwera. Bungwe likufuna kuona ngati sukulu imatha kudziona yokha ndi kudzikonza. Chofooka chimene sukulu yatchula, yayeza ndi kuchikonzera dongosolo chimawerengedwa ngati umboni wakuti utsogoleri ukugwira ntchito. Chofooka chomwecho chikapezedwa ndi oyendera pamene lipoti lanena zosiyana, chimachititsa kuti akayikire manambala ena onse, ndi oona omwe. Komabe pali malire ake. Kuvomereza sikufafaniza muyezo. Ngati bungwe likufuna chiwerengero chakutichakuti cha aphunzitsi okhazikika ndipo sukulu siinafikepo, kunena zoona sikuifikitsa. Pamenepo nzeru ndi kukambirana ndi bungwe kuti ulendo uchedwe, kusiyana ndi kulipira ulendo umene zotsatira zake zikudziwika kale.

Ndime iliyonse inalembedwanso m'magawo anayi otsatizana: muyezo ukuti chiyani, sukulu ili pati, umboni uli pa chikalata chiti, ndipo chichitike n'chiyani. Gawo lachiwiri ndi lachinayi ndi amene amafuna kulimba mtima. Mawu onga akuti laibulale yathu ndi yokwanira, kapena akuti tidzayesetsa kuonjezera mabuku ndalama zikapezeka, anachotsedwa onse. Ndime ya mbiri ya mpingo inalembedwa motere: "Gawo la 270 lili ndi maina 310, ndipo mwa mabuku 31 otchulidwa m'masilabasi atatu a mbiri ya mpingo, laibulale ili ndi 13. Bodi yavomereza kuti theka la ndalama zogulira mabuku m'zaka ziwiri zikubwerazi lipite ku magawo a 270 ndi 290, kuyambira ndi mabuku 18 osowawo. Woyang'anira laibulale adzapereka lipoti ku komiti ya zamaphunziro kumapeto kwa semesita iliyonse." Chiganizo chachiwiricho chinayenera kudikira msonkhano wa bodi, chifukwa lonjezo lopanda maminitsi a bodi ndi chikhumbo chabe cha wolemba.

Zikalata za umboni zinapatsidwa manambala otsata mitu, monga 5.3 kutanthauza chikalata chachitatu cha mutu wachisanu, ndipo mafayilo a m'chipinda cha oyendera anasanjidwa ndi manambala omwewo. Manambala onse a ophunzira anatengedwa pa tsiku limodzi losankhidwa. Izi zikuoneka zazing'ono, koma mu lipoti loyamba mutu wa laibulale unkati ophunzira ndi 101, wa aphunzitsi 96, wa chuma 93, chifukwa wina anawerenga olembetsa, wina opezeka m'kalasi, wina amene analipira. Munthu mmodzi, amene sanalembe mutu uliwonse, anapatsidwa ntchito yowerenga lipoti lonse akuyang'ana manambala okha.

Zina zinakonzedwa ulendo usanafike. Semesita inatalikitsidwa kufika masabata 18 kuti masabata ophunzira akhale 15, laibulale inayamba kutsegulidwa madzulo maola atatu, ndipo makope ena awiri a buku la mbiri anagulidwa. Kosi ya Chigiriki 3 inachotsedwa m'buku mwa chigamulo cha komiti ya zamaphunziro. Zina sizikanatheka m'chaka chimodzi. Gawo la makosi ophunzitsidwa ndi obwera linatsika kuchoka pa 9 kufika pa 7 mwa 20 atalemba mphunzitsi mmodzi wokhazikika, amene makosi ena awiri anawatenga kwa mkulu wa zamaphunziro, ndipo lipoti linanena poyera kuti lidzatsikanso pokhapokha awiri a kusukulu aja atabwerera. Mbiri ya Mpingo 2 inakhalabe m'manja mwa m'busa yemwe uja kwa chaka chinanso, koma tsopano ndi masabata anayi owerengeratu, pepala la mawu 2,500 pambuyo pake, ndi mphunzitsi wokhazikika wa ziphunzitso woona mafunso a mayeso asanaperekedwe kwa ophunzira.